Kuwerengera malonda a mwezi wa mawa

Sabata yathayi ndinapatsidwa ntchito yowerengera ndalama zimene kampani yathu, yomwe imagulitsa mapampu othirira oyendera dzuwa, ingayembekezere kupeza mwezi wa mawa. Lolemba ndi Lachiwiri ndinasanja makasitomala m'magulu atatu: amene tawapatsa kotesheni, amene tikukambirana nawo mtengo, ndi amene atitumizira kale LPO, kalata yotsimikiza kuti akuoda katundu, koma sanalipire. Makotesheni amene anatha ntchito kalekale popanda mwini wake kuyimbanso foni ndinawachotsa, ngakhale anzanga ogulitsa sanakondwe nazo, chifukwa amangotupitsa chiwerengero.

Ntchito yaikulu inali ya Lachitatu, yofufuza m'mabuku a miyezi 12 yapitayi. Funso loyenera si lakuti mwa anthu opatsidwa kotesheni ndi angati amene anadzagula tsiku lina, koma lakuti mwa amene anali pa sitepe imeneyi pa tsiku loyamba la mwezi, ndi angati amene analipira mweziwo usanathe. Kusiyana kwake n'kwakukulu, pakuti kalabu ya alimi ikhoza kusunga kotesheni miyezi itatu ikudikira ndalama za fodya kapena soya. Nditawerenga motero, ndinapeza kuti a kotesheni amalipira 15 mwa 100 alionse, okambirana mtengo 40, ndipo a LPO 80.

Panopa tili ndi makotesheni a K60 miliyoni, zokambirana za K30 miliyoni ndi ma LPO a K15 miliyoni. Mu Excel ndinaika ndalamazi mu B ndi maperesenti mu C:

```
=SUMPRODUCT(B2:B4,C2:C4)
```

Magulu atatuwo anapereka K9 miliyoni, K12 miliyoni ndi K12 miliyoni, zonse pamodzi K33 miliyoni.

Chiwerengerochi sindinachipereke momwemo. Lachinayi nditayang'ana gulu la okambirana mzere ndi mzere, ndinaona kuti pa K30 miliyoni ija, K20 miliyoni ndi ya bungwe limodzi lofuna mapampu a pulojekiti yake. Peresenti imagwira ntchito pamene makasitomala ali ambiri ndiponso ogula zofananako, koma bungwe limodzi silingalipire K8 miliyoni monga masamuwo akunenera. Lidzalipira yonse kapena silidzalipira chilichonse. Choncho ndinalipatula, ndipo K10 miliyoni yotsalayo inapereka K4 miliyoni.

Lachisanu ndinauza akuluakulu kuti tiyembekezere K25 miliyoni, ndi kuti ikhoza kufika K45 miliyoni ngati bungwe lija lisayina. Ndinapempha kuti katundu aodedwe motsatira chiwerengero chochepacho, chifukwa pampu yongokhala m'nyumba yosungira katundu imamanga ndalama zimene tikanalipirira antchito. Ndinawachenjezanso kuti maperesentiwa akuphatikiza dzinja ndi chilimwe, pomwe alimi amagula mapampu kwambiri akakolola, motero mwezi ukatha ndidzayerekeza zolipidwa ndi zimene ndinalemba pa sitepe iliyonse payokha, kuti ndione peresenti imene ikufunika kukonzedwa.