Chifuwa chikapitirira masabata atatu: mmene anandiyezera ku Kasungu

Chifuwa chobwera ndi chimfine chimatha chokha pa sabata imodzi kapena awiri, choncho chikapitirira masabata atatu chikhoza kukhala ndi gwero lina lofunika kulipeza. Achipatala sadikira n'komwe kuti masabatawo akwane, pakuti munthu akatsokomola masabata awiri amayenera kale kuyezedwa chifuwa chachikulu cha TB, ndipo amene ali ndi kachilombo ka HIV amayezedwa ngakhale atangoyamba kumene. Ine ndimalima fodya cha ku Santhe ndipo ndakhala ndikusuta kwa zaka zambiri. Chifuwa chimene chinandipititsa kuchipatala chinayamba nyengo yosankha ndi kudinda fodya, pamene m'chigafa mumakhala fumbi lokhalokha, ndipo aliyense kunyumba anali ndi yankho lake: ena ankati ndi ndudu, ena fumbi, pamene mayi a kunyumba ankaopa TB.

Pachipatala chaching'ono cha kwathu, adokotala anayamba ndi mafunso anayi amene amafunsa aliyense woganiziridwa TB: ngati ndikutsokomola, ngati thupi limatentha makamaka madzulo, ngati ndimatuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, ndiponso ngati ndikuonda. Anafunsanso ngati m'makhololo munaonekapo magazi, komanso ngati m'nyumba mwathu muli wina amene anadwalapo TB. Pa nkhani ya kuonda sanangomva za m'kamwa mwanga. Anandikweza pa sikelo n'kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'buku langa la kuchipatala chaka chatha, ndipo makilogalamu 58 anali omwewo. N'chifukwa chake bukuli si loti muziliiwala, ngakhale litang'ambika chikuto.

Ngakhale ndinayankha kuti ayi pa mafunso onse kupatula la kutsokomola, iwo anati, “Bambo, tiyamba ndi makhololo, chifukwa pa matenda atatu amene tikuwaganizira, TB, chifuwa cha ndudu ndi mphumu, TB ndi imene mungapatsire ana anu, ndiponso imatha kubisala mwa munthu wosuta amene anazolowera kutsokomola.” Anandiyezanso HIV tsiku lomwelo, popeza mwa munthu amene chitetezo chake chatsika TB sionetsa zizindikiro zonse ndipo imavuta kuipeza m'makhololo.

Kupereka makhololo ndi pamene anthu ambiri amaonongera zotsatira zawo. Amakupatsani kabotolo kokhala ndi chivindikiro n'kukuuzani kuti mupite panja, pamalo opita mphepo, kutali ndi anthu. Mumayamba mwachukucha m'kamwa ndi madzi, kenako mumakoka mpweya kwambiri kangapo, n'kutsokomola kuchokera pansi pa chifuwa. Chofunika ndi makhololo olimba okwana ngati supuni yaing'ono ya tiyi, osati malovu a m'kamwa, chifukwa m'malovu tizilombo sitipezeka kawirikawiri ndipo munthu wodwala angauzidwe kuti alibe kanthu. Kabotolo kanga kanatumizidwa ku boma pa njinga yamoto, kumene kuli makina a GeneXpert. Makinawa amatenga pafupifupi maola awiri, ndipo akapeza TB amanenanso ngati tiziromboto tikumva mankhwala a rifampisini kapena ayi. Chimene chimachedwetsa zotsatira ndi ulendo wa kabotolo, osati kuyeza kwenikweniko.

Podikira, anandipatsa amokisilini n'kundiletsa kugula sipuro kusitolo ya mankhwala. Sipuro ndi mankhwala ena a gulu lake amafooketsa tizilombo ta TB osatipha tonse, moti chifuwa chimachepa kwa kanthawi, kuyeza kumasokonezeka, ndipo munthu amabwerera matenda atakula.

Zotsatira zinabwera zoti TB sinapezeke, koma chifuwa chinalipobe, choncho ananditumiza ku boma kuti akandijambule. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zonse: makhololo akakhala opanda kanthu si ndiye kuti nkhani yatha. TB imakonda kumtunda kwa mapapo, kumene imasiya mithunzi kapena mphako zooneka pa chithunzi, ndipo kwa munthu wosuta wa msinkhu wanga chithunzicho chimathandizanso kuona ngati mulibe chotupa. Changa chinatuluka choyera.

Apa m'pamene mafunso anasintha. Adokotala a ku boma sanafunsenso kuti ndadwala nthawi yaitali bwanji, koma kuti chifuwacho chimabwera nthawi yanji. Anafotokoza kuti TB imapita ikukulirakulira sabata ndi sabata, osasankha malo kapena nyengo, ndipo munthu amafooka n'kusiya kudya. Chifuwa cha ndudu chimavuta kwambiri m'mawa podzuka, chimatulutsa makhololo oyera kapena otuwa, ndipo chimakhala chimodzimodzi tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka. Mphumu imabwera n'kupita. Imadzutsa munthu pakati pa usiku kapena m'bandakucha, chifuwa chimathina, popuma pamamveka kulira ngati kaweluweru, ndipo imayambitsidwa ndi zinthu zodziwika monga fumbi, utsi wa nkhuni ndi kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye. Ine ndinali ndi zonse ziwiri zomalizazi: kutsokomola kwa m'mawa kumene ndinakhala nako kalekale, ndi kubanika kwatsopano kwa usiku, kumene kunkakula ndikaswera m'chigafa ndipo kunkachepa Lamulungu. Nditawauza kuti mchemwali wanga ali ndi mphumu, analemba zimenezo m'buku.

Atandimvetsera kumsana ndi chipangizo chawo, ananditulutsira kachubu kapulasitiki kokhala ndi manambala m'mbali, koyezera mphamvu ya mpweya wotuluka. Mumaimirira, kukoka mpweya mpaka kudzaza chifuwa, kutseka milomo mozungulira kachubuko, n'kupuzira kamodzi mwamphamvu ndi mwachangu. Mumachita katatu ndipo amalemba nambala yaikulu. Yanga inali 310. Kenako anandipopera salubutamolo, amene ambiri amangoti ventolini, kudzera m'botolo lapulasitiki loboola kunsi, lomwe limathandiza kuti mankhwala afike m'mapapo m'malo mothera pakhosi. Patapita mphindi 15 ndinapuziranso, ndipo nambala inafika 400. Kukwera kopitirira 20 pa 100 alionse kumasonyeza kuti njira za mpweya zinali zitangothina ndipo zatseguka, zomwe ndi khalidwe la mphumu. Mwa munthu amene mapapo ake anaonongeka ndi utsi wa zaka zambiri, nambalayi imangosuntha pang'ono kapena osasuntha konse.

Anandichenjeza kuti kuyeza kumeneku kuli ndi malire ake. Munthu wa mphumu akayezedwa tsiku limene ali bwino, manambala akhoza kuoneka abwinobwino, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mphumu, mapapo oonongeka ndi utsi, komanso TB nthawi imodzi.

Ndinachoka ndi mankhwala opopera awiri. Salubutamolo ndi wa pamene ndabanika basi, pamene bekolometazoni ndi wa m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ngakhale ndikumva bwino, ndipo ndikapopera ndimachukucha m'kamwa kuti musatuluke zilonda zoyera. Za fodya anandiuza mosabisa kuti chingambwe sichisiyana ndi ndudu ya m'sitolo, kuti utsi umachepetsa mphamvu ya bekolometazoni, ndiponso kuti ndikasiya, chifuwa chikhoza kuyamba chawonjezeka kwa masabata angapo mapapo akamatulutsa zinyalala, kenako n'kumachepa. Anandilembera kuti ndibwerenso pakatha mwezi kuti ndidzapuzirenso m'kachubu ndi kukwera pa sikelo, koma kuti ndisadikire tsikulo ngati ndaona magazi m'makhololo, ndayamba kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, kapenanso ngati mawu asasa osabwerera mwakale, chifukwa zikatero makhololo amayezedwanso kuyambira pachiyambi.