umask sichotsera, imasefa: kudziwiratu zilolezo za fayilo ndi foda yatsopano

Aliyense amene akuphunzira Linux amakumana ndi kachidule aka: tengani 666, chotserani umask, zotsala ndiye zilolezo za fayilo yatsopano, ikakhala foda yambirani pa 777. Ndi umask 022, imene makompyuta ambiri amabwera nayo, kachiduleka kamayenda bwinobwino. Fayilo imatuluka 644, foda 755, munthu nkumati nkhani yatha. Koma yankholo limakhala lolondola mwamwayi chabe, ndipo tsiku limene manambala asintha, samu yochotserayo imakusocheretsani.

Tiyambe ndi kumene 666 ndi 777 zimachokera, chifukwa sizichokera kwa umask. Pulogalamu ikafuna kupanga fayilo imauza kenelo, mtima wa Linux, dzina la fayiloyo ndi zilolezo zimene ikufuna. `touch`, komanso shelo mukalemba `> dzina`, zimapempha 666, kutanthauza kuwerenga ndi kulemba kwa mwini, kwa gulu ndi kwa ena onse. `mkdir` imapempha 777. Nambala iliyonse mwa zitatuzo ndi kuphatikiza kwa zilolezo zitatu: 4 ndi kuwerenga (`r`), 2 ndi kulemba (`w`), 1 ndi kuyendetsa fayilo kapena kulowa mu foda (`x`). Ndiye 6 ndi 4 ndi 2, pomwe 7 ndi zonse zitatu. Pempho limeneli lisanalembedwe, kenelo imalidutsitsa pa umask ngati ufa pa sefa. Chilolezo chilichonse chotchulidwa mu umask chimatsalira pa sefa, zina zonse zimadutsa. Sefa saonjezera ufa, ndiponso sangagwire gaga amene munalibe mu ufawo. Mfundo yachiwiriyi ndi imene samu yochotsera imaiwala.

Onani umask 033. Wochotsera anena kuti 666 kuchotsera 033 ndi 633, ndiye kuti `rw--wx-wx`: gulu ndi ena atha kulemba ndi kuyendetsa fayilo imene sangathe kuiwerenga. Zimenezo sizichitika. Tiyende nambala imodziimodzi. Ya mwini ndi 6 ndipo umask ili ndi 0, palibe chogwidwa, imakhalabe 6. Ya gulu ndi 6, ndiye kuti 4 ndi 2, pomwe umask ili ndi 3, ndiye kuti 2 ndi 1. Sefa agwira 2. Afunanso kugwira 1, koma 1 munalibe m'pempholo, choncho palibe chochitika. Yatsala 4. Ya ena onse iyenda chimodzimodzi. Fayilo ituluka 644, monga momwe ikanatulukira ndi 022. Shelo ikhoza kukuwerengerani, ndipo mukhoza kuyesa pa fayilo yeniyeni:

```
printf '%o\n' $(( 0666 & ~0033 ))
(umask 033; touch fayilo; mkdir foda; stat -c '%a %A %n' fayilo foda)
```

Mzere woyamba upereka 644. Wachiwiri uonetsa `644 -rw-r--r-- fayilo` ndi `744 drwxr--r-- foda`. Mabulaketi ozungulirawo ali ndi ntchito: amatsegula shelo yaing'ono ya kanthawi, kotero kuti umask yanu ya masiku onse siikhudzidwa.

Fodayo ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa. Pa foda kuchotsera kumalondola nthawi zonse, chifukwa mu 7 muli zilolezo zonse ndipo chilichonse chimene sefa akufuna chimapezeka. Koma 744 pa foda ndi nyumba imene mnzanu angasuzumire pa zenera osalowamo. Akalemba `ls foda` aona maina a mafayilo, poti ali ndi `r`, koma `cd foda` imukanira, ndipo sangatsegule fayilo iliyonse ya m'katimo ngakhale fayiloyo itakhala 644. `ls -l` imuonetsa maina okha, kwina konse kuli zizindikiro za funso. Nchifukwa chake umask yokhala ndi 3 kapena 1 m'malo a gulu ndi ena siigwiritsidwa ntchito kwenikweni: pa mafayilo 1 ameneyo sachita kanthu, pa mafoda amatseka khomo. Zimene mungakumane nazo kawirikawiri ndi zinayi. 022 taiona kale. 002 imalola gulu kulemba, fayilo 664 ndi foda 775. 027 imatsekera ena onse, fayilo 640 ndi foda 750, ndipo apanso wochotsera amakakamira pa nambala yomaliza poti 6 kuchotsera 7 sizitheka. 077 imasiya mwini yekha, 600 ndi 700.

Popeza sefa saonjezera, palibe umask imene ingapatse fayilo ya `touch` chilolezo cha `x`. Ngakhale mutaika 000 mupeza 666 basi, ndipo sikiripiti yatsopano idzafunabe `chmod +x`. Kumbali inayo, si pulogalamu iliyonse imene imapempha 666. `mktemp` imapanga fayilo ya 600, `ssh-keygen` nayo imasunga kiyi yachinsinsi pa 600, kaya umask yanu ndi 022 kapena 002. Munthu amene waloweza kuti “fayilo ndi 666” amadabwa nazo zimenezi nkumaganiza kuti umask yaonongeka. Funso loyamba nthawi zonse likhale lakuti pulogalamuyi yapempha chiyani, lachiwiri ndiye la umask. `cp` ikamapanga fayilo yatsopano imatenga zilolezo za fayilo yokopedwayo nkuzisefa: sikiripiti ya 755 yokopedwa pansi pa umask 027 ifika 750. Mukaonjezera `-p` zilolezo zimabwera monga zinalili. `mv` nayo, posuntha fayilo, imaisiya ndi zilolezo zake zakale.

Tsopano nkhani imene imavutitsa anthu pa ma seva ogawana. Tiyerekeze kuti pali foda `/srv/malipoti` ya gulu lotchedwa `akawunti`, ndipo woyang'anira waikonza motere:

```
chgrp akawunti /srv/malipoti
chmod 2775 /srv/malipoti
```

2 wa kutsogoloyo ndi `setgid`, amene amachititsa kuti chilichonse chopangidwa m'fodamo chikhale cha gulu la `akawunti`, osati gulu la amene wachipanga. Zonse zikuoneka kuti zili m'malo mwake. Kenaka mmodzi wa m'gululo, amene umask yake ndi 022, asunga lipoti la mwezi. Mnzake afuna kukonzamo nambala imodzi, kompyuta nkumuyankha `Permission denied`. `ls -l` ionetsa `-rw-r--r--` ndi gulu lolondola, `akawunti`. Gulu lalowa bwino, koma `w` wa gulu anatsalira pa sefa. `setgid` imapatsira gulu, siipatsira zilolezo, ndipo fayilo siitengera 775 ya foda imene yabadwiramo.

Chodabwitsa nchakuti mnzake yemweyo, amene walephera kusintha nambala imodzi, akhoza kufufuta lipoti lonselo. Kufufuta ndi kuchotsa dzina m'foda, ndipo pa fodayo gulu lili ndi `w` ndi `x`. `rm` ingomufunsa ngati akutsimikiza. Ndiye 022 pamenepa siinateteze kanthu, yangolepheretsa ntchito. Zimaipiraipira munthu woyamba uja akapanga foda yaing'ono m'katimo. Ituluka `drwxr-sr-x`, ndiye kuti 2755, ndipo m'menemo anzake sangaikemo fayilo ngakhale imodzi.

Njira yoyamba yokonzera ndi kuti onse a m'gululo akhale ndi umask 002. Apa mpamene muyenera kudziwa kumene umask imakhala. Siikhala pa foda, siikhalanso pa dzina la munthu. Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda ili ndi yakeyake, imene inatengera kwa pulogalamu imene inaiyambitsa. Mukalemba `umask 002` m'teminolo imodzi, teminolo ina imene munatsegula kale siidziwa, ndipo mukatseka zonse zimabwerera mwakale. Kuti ikhazikike imalembedwa m'mafayilo amene shelo imawerenga poyamba, monga `/etc/profile` kapena `~/.profile`, kapena imaikidwa polowa kudzera mu `pam_umask`, imene pakati pa malo ena imayang'ana mzere wa `UMASK` mu `/etc/login.defs`. Msampha uli pa mapulogalamu amene sadutsa m'shelo yanu. Ntchito yoyambitsidwa ndi `cron` siiwerenga `~/.profile`. Sevisi ya dongosolo yoyambitsidwa ndi `systemd` imayamba ndi 0022 pokhapokha mutalemba `UMask=0002` pansi pa `[Service]` m'fayilo yake. Choncho lipoti lolembedwa ndi munthu masana lituluka 664, lolembedwa ndi sevisi usiku lituluka 644, ndipo dandaulo lija libweranso m'mawa. Musapenekere, funsani kenelo. Kuyambira Linux 4.7 umask ya pulogalamu iliyonse imaoneka:

```
grep Umask /proc/1234/status
```

Pa 1234 ikanipo nambala ya pulogalamu imene mukuikayikira. Dziwaninso kuti 002 ndi yotetezeka pokhapokha munthu aliyense ali ndi gulu lakelake la dzina lake. Ngati onse gulu lawo loyamba ndi limodzi, monga `users`, ndiye kuti mwapatsa aliyense mphamvu yolemba m'mafayilo atsopano a mnzake paliponse pamene angafike, osati mu `/srv/malipoti` mokha.

Njira yachiwiri, imene ndimaona kuti ndi yabwinopo pa foda yogawana, ndi kuika lamulo pa foda yeniyeniyo:

```
setfacl -d -m u::rwx,g::rwx,o::rx /srv/malipoti
getfacl /srv/malipoti
```

`-d` imaika zilolezo zimene zinthu zatsopano zizitengera, ndipo `getfacl` iziwonetsa m'mizere yoyamba ndi `default:`. Foda ikakhala ndi mizere imeneyi, kenelo siiyang'ananso umask popanga zinthu m'menemo. Mizereyo ndiyo imasanduka sefa. Munthu wa 022, wa 077, ngakhale sevisi ya usiku ija, onse atulutsa fayilo ya 664 ndi foda ya 2775, ndipo mafoda atsopanowo amatengeranso lamulolo. Pempho la pulogalamu likadali ndi mphamvu: `touch` inapempha 666, ndiye `x` sabwera ngakhale lamulo likunena `rwx`, ndipo pulogalamu yopempha 600 ipatsidwa 600. Ichi ndi chifukwanso china chimene samu yanu ingakanire kugwirizana ndi zimene `ls -l` ikuonetsa. Mwawerengera bwino umask 077 koma fayilo yatuluka 664? Yang'anani `getfacl` pa foda yake musanayambe kukayikira shelo.

Njira zonse ziwirizi zimagwira pa zinthu zatsopano zokha. Lipoti lija la 644 likhalabe 644 mpaka mwini wake, kapena `root`, alisinthe ndi `chmod g+w`. Fayilo yobwera ndi `mv` kuchokera kwina pa disiki yomweyo nayo imalowa ndi zilolezo zake zakale, poti siinapangidwe m'fodamo, yangosamukiramo. Pokonza zakalezo lembani `g+w` mokwanira, osati `+w` yekha. `chmod` ikapatsidwa chilolezo popanda kutchula `u`, `g`, `o` kapena `a`, imalemekeza umask, kotero kuti pansi pa 022 `chmod +w lipoti` imakhudza mwini yekha ndipo gulu limatsala pomwe linali. Kuti mukonze foda yonse kamodzi, `chmod -R g+rwX /srv/malipoti` ndiyo yoyenera: `X` wamkuluyo amaika `x` pa mafoda ndi pa mafayilo amene anali naye kale, malipoti wamba osawasandutsa mapulogalamu.