Mmene ndimawerengera maola a swaumu ku Mzuzu

Foni iliyonse masiku ano imakuuzani nthawi yotuluka ndi yolowa dzuwa, pompo pamene imaonetsa za nyengo. Manambala awiri amenewa ndi amene ine ndimayambira ndikafuna kudziwa kuti mawa ndimanga maola angati, kaya ndi mu Ramadhani kaya ndi swaumu ya Lolemba ndi Lachinayi. Koma mwa awiriwo, amene mungagwiritse ntchito mmene alili ndi mmodzi yekha, wa kulowa kwa dzuwa. Wa kutulukayo amafunika kumubweza m'mbuyo, chifukwa Msilamu sayamba kumanga dzuwa likatuluka. Amayamba pa Fajr, kum'mawa kukangoyamba kuyera, monga ikunenera Qur'an pa 2:187 za ulusi woyera ndi ulusi wakuda wa m'bandakucha. Amene akudya dakwi mpaka dzuwa lituluke wapitirira malire ndi ola lathunthu ndi mphindi zingapo.

Pali ena amene kusala kwawo kumayambiradi potuluka dzuwa, monga Abahai, omwe amasala masiku 19 m'mwezi wa Malichi. Kwa iwo gawo loyamba la masamuwa ndi lokwanira. Ife timapitiriza.

Nditenga tsiku la 1 Malichi, lomwe mu 2026 lili mkati mwa Ramadhani. Kuno ku Mzuzu dzuwa limatuluka cha m'ma 5:47 m'mawa ndipo limalowa 6:06 madzulo. Choyamba ndimalemba nthawi yamadzulo m'kalembedwe ka maola 24, ndiye 6:06 imakhala 18:06. Kenako ndimasandutsa zonse kukhala mphindi. Maola 18 kuchulukitsa ndi 60 ndi 1,080, kuwonjezera 6 ndi 1,086. Maola 5 ndi mphindi 300, kuwonjezera 47 ndi 347. Kuchotsera 347 pa 1,086 patsala 739, omwe ndi maola 12 ndi mphindi 19. Umenewo ndiwo utali wa usana.

Wina anena kuti bwanji osangolemba 18.06 kuchotsera 5.47 pa kakyuleta. Yesani muone. Ikupatsani 12.59, ndipo mudzaganiza kuti usana ndi pafupifupi maola 13. Kakyuleta imabwereka 100 pochotsera, pomwe ola lili ndi mphindi 60 zokha, ndiye yakuwonjezerani mphindi 40 zomwe kulibe. Choipa chake n'chakuti tsiku limene mphindi za madzulo zili zambiri kuposa za m'mawa, yankho limatuluka lolondola, ndiye munthu amayamba kuikhulupirira njirayo.

Tsopano mbali imene ili ndi ntchito: kuchokera pa Fajr kufika potuluka dzuwa ndi mphindi zingati? Makalendala ambiri amawerengera Fajr pamene dzuwa lili madigiri 18 kunsi kwa mzere umene thambo limakumana ndi dziko. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kutanthauza mphindi 4 pa digiri imodzi. Dzuwa limayamba kuoneka likadali pafupifupi digiri imodzi kunsi kwa mzerewo, chifukwa mpweya umapinda kuwala kwake, ndiye madigiri oti likwere ndi 17. Likanakhala kuti limakwera chilili, zikanakhala mphindi 68. Koma Mzuzu ili madigiri 11 ndi theka kummwera kwa ikweta, dzuwa limakwera mopendekeka pang'ono, motero pa 1 Malichi zimakwana mphindi 71.

Ndiye 5:47 kubwerera m'mbuyo ola limodzi ndi mphindi 11 ndi 4:36. Imeneyo ndiyo Fajr. Utali wa swaumu ndi 739 kuwonjezera 71, zomwe ndi mphindi 810, maola 13 ndi theka ndendende. Kuyambira 4:36 m'mawa mpaka 6:06 madzulo.

Nambala ya 71 si ya chaka chonse. Mu Malichi ndi Seputembala imatsika kufika 70, mu Juni imafika cha m'ma 76, mu Disembala 78. Kusinthaku kumayenda pang'onopang'ono kwambiri, moti mwezi wonse wa Ramadhani ya 2026 nambalayi imangochoka pa 72 kufika pa 70. Ine ndimatenga yaikulu pa mwezi umenewo n'kuigwiritsa ntchito masiku onse, popeza kuleka kudya mphindi ziwiri msanga sikuwononga kanthu, pomwe kuchedwa ndi mphindi ziwiri ndi nkhani ina. Mukafuna nambala imodzi yoti musamaisinthe chaka chonse, tengani 80. Mudzataya mphindi khumi za dakwi mu Malichi, koma simudzadya Fajr italowa.

Apa ndi pamenenso pamachokera mkangano umene umabuka chaka ndi chaka, wina atanyamula foni yake, wina yake. Mchimwene wina wa ku Chiputula anandionetsa yake ikunena 4:48 pomwe yanga imati 4:36, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, yabodza ndi iti pamenepa?" Palibe imene inawonongeka. Mapulogalamu a nthawi za swala ali ndi posankha njira yowerengera. Ya Muslim World League imatenga madigiri 18, ya ISNA ya ku North America imatenga 15, ya ku Egypt imatenga 19 ndi theka. Pa tsiku lathu lija, madigiri 15 amapereka 4:48, ndipo 19 ndi theka amapereka 4:29. Mukaona foni ziwiri zikugwirizana pa Magharibi koma zikusiyana pa Fajr ndi mphindi 7 kapena 12, musavutike n'kuyang'ana kwina, ndi madigiriwo. Zikamasiyana ponse pawiri, m'mawa ndi madzulo, ndiye kuti ina yaikidwa mzinda wolakwika. Za madigiri amene ali oyenera, imeneyo si nkhani ya masamu, ndi ya mashehe, ndipo ine ndimatsata zimene mzikiti wathu ukutsata. Njira yodziwira ndi yapafupi: tengani Fajr ya pa kalendala ya mzikiti, muichotsere pa nthawi yotuluka dzuwa ya tsiku lomwelo. Mukapeza mphindi zofanana ndi zimene ndatchula za mwezi umenewo, monga 70 kapena 71 mu Malichi ndi 78 mu Disembala, akugwiritsa ntchito madigiri 18. Mukapeza cha m'ma 60, ndi 15. Onetsetsani kuti mwawerenga mzere wa Fajr weniweni, chifukwa makalendala ena amakhala ndi mzere wina wa imsak, womwe kawirikawiri umakhala mphindi khumi Fajr isanakwane, ndipo ena amalemba nthawi yoimirira swala pagulu, yomwe imabwera mochedwerapo.

Za mzinda wolakwika ndinene pang'ono, chifukwa makalendala ambiri amene amatipeza kuno amakhala ochokera kummwera. Malawi yense amayendera wotchi imodzi, koma dzuwa silituluka nthawi imodzi. Blantyre ili kum'mawa kwa Mzuzu ndi pafupifupi digiri imodzi, komanso ili kummwera ndi madigiri opitirira anayi. Pa 1 Malichi kusiyana kwa madzulo n'kochepa, mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo Fajr ya ku Blantyre imafulumira ndi mphindi 8, zomwe zimangokulanda nthawi ya dakwi basi. Koma kumapeto kwa Juni dzuwa ku Blantyre limalowa cha m'ma 5:17 pomwe kuno limalowa 5:29. Munthu wa ku Luwinga amene akumanga swaumu ya Lachinayi m'nyengo yozizira, n'kumasula potsata kalendala ya ku Blantyre, wamasula dzuwa lidakalipo, kutatsala mphindi 12. Simungathenso kuloweza nambala imodzi yoti muziwonjezera pa nthawi za ku Blantyre, chifukwa kusiyanako kumasintha ndi miyezi.

Kodi n'kofunika kuwerengera tsiku lililonse? Ine ndimatero pa nthawi ya madzulo yokha. Taonani mmene zimayendera m'mwezi wa Ramadhani ya 2026. Pa 20 Febuluwale dzuwa limatuluka 5:45 ndi kulowa 6:10, swaumu n'kukhala maola 13 ndi mphindi 37. Pa 19 Malichi limatuluka 5:48 ndi kulowa 5:56, swaumu n'kukhala maola 13 ndi mphindi 18. M'masabata anayi amenewa kutuluka kwa dzuwa kwasuntha mphindi 3 zokha, pomwe kulowa kwasuntha 14. Anthu ambiri amayembekeza kuti usana ukamafupika uzidulidwa mofanana mbali zonse ziwiri. Sizitero, chifukwa nthawi imene dzuwa limafika paliwombo nayonso imasuntha pa wotchi. Pa 20 Febuluwale limafika 11:58, pa 19 Malichi 11:52. Kusunthaku kumawonjezera pa kufulumira kwa madzulo n'kuchepetsa kuchedwa kwa m'mawa. Choncho nthawi ya dakwi mukhoza kuiona kamodzi pa sabata, koma ya futari imasintha ndi mphindi imodzi pa masiku awiri aliwonse.

Amene ali ndi kompyuta akhoza kuika masiku onse 30 mu Excel. Kutuluka kwa dzuwa kukhale mu B, kulowa mu C, zonse m'maola 24, ndipo mu D mulembe:

```
=C2-B2+TIME(1,12,0)
```

Bokosi la D likaonetsa nambala ngati 0.56, musadabwe, ndi gawo la tsiku; lisintheni kuti lizionetsa `h:mm`. Ndaika ola ndi mphindi 12 chifukwa ndiyo yaikulu ya mwezi umenewu, ndiye pa 1 Malichi mupeza 13:31.

Madzulo ndimawonjezera mphindi ziwiri kapena zitatu pa nthawi ya pa foni ndisanamasule. Zifukwa zake zilipo. Nthawi ya pa foni imakhala yofupikitsidwa, masekondi atachotsedwa. Wotchi ya pakhoma imatha kuthamanga. Ndiponso manambalawa amawerengeredwa ngati kuti muli pa malo osalala, pomwe Mzuzu ili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo amene ali pamsanje poona patali amaliona dzuwa mochedwerapo. Maso okha kuno ndi osadalirika. Kukakhala mitambo ya mvula ya Malichi kumada 5 koloko isanathe, ndipo amene amakhala m'zigwa amaona dzuwa likubisala kuseri kwa chitunda kudakali nthawi. Kubisala kuseri kwa chitunda si kulowa. Mphindi zowonjezerazi zisapitirirenso muyeso, chifukwa sunna ndi kufulumira kumasula nthawi ikangokwana. Adhana ya Magharibi ikamveka kuchokera ku mzikiti wapafupi, ndimatsata imeneyo. Masamu anga amagwira ntchito kwambiri ndikakhala pa ulendo kapena kuntchito kumene adhana siifika.

Ramadhani imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndiye pepala la chaka chatha musalisunge kuti mudzaligwiritsenso ntchito potsata tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu la mwezi wa swaumu. Koma likakhala lolembedwa ndi madeti a kalendala wamba, limagwirabe ntchito, popeza 1 Malichi wa chaka chino ndi wa chaka chamawa amasiyana ndi mphindi yosakwana imodzi. M'zaka zikubwerazi Ramadhani ikulowera ku Januwale kenako Disembala, ndipo kumeneko n'kumene swaumu ya ku Mzuzu imatalika kwambiri: usana wa maola 12 ndi mphindi 48, kuwonjezera mphindi 78 za m'bandakucha, kukhala maola 14 ndi mphindi 6. Yaifupi kwambiri ndi ya kumapeto kwa Juni, maola 12 ndi mphindi 43.