Mmene tinasonkhera ndalama za mphatso yotsanzikana ndi dalaivala wathu

Pamene dalaivala wa pa ofesi yathu anatsala ndi mwezi umodzi kuti apume pa ntchito, anzanga anandisankha kuti ndiyendetse chopereka cha mphatso yawo. Ndinavomera, koma ndinawapempha kuti tiyambe tagwirizana njira, chifukwa chopereka cham'mbuyomo chinasiya madandaulo amene anthu ankangonong'onezana. Nthawi imeneyo tinalamula kuti aliyense apereke ndalama yofanana, ndipo mayina a opereka ankaikidwa pa gulu lathu la WhatsApp tsiku ndi tsiku, moti amene dzina lake silinatuluke ankaoneka ngati woumira, ngakhale kuti ena mwa iwo analibe ndi ya minibasi yomwe.

Tinalipo anthu 24, osawerengera amene ankapumawo, ndipo tinkafuna kupeza ndalama pafupifupi K180,000. Tikanagawana mofanana, aliyense akanapereka K7,500. Ndinawaonetsa anzanga kuti kwa mlonda wolandira K150,000 pa mwezi, ndalama imeneyi ndi K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, pomwe kwa bwana wolandira K900,000 siifika ndi K1 yomwe pa K100 iliyonse. Ndalamayo ndi yofanana pa pepala, koma kulemera kwake m'thumba n'kosiyana kwambiri, ndipo kwa ine pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse ya chilungamo pa zopereka za kuntchito.

Choncho tinagawa anthu m'magulu atatu, potengera maudindo amene aliyense amawadziwa kale, popanda kufunsa munthu malipiro ake. Alonda, osesa, amesenjala ndi madalaivala analipo 7, ndipo tinawaikira K3,000 aliyense. Akalaliki ndi maofesala analipo 12, ndipo tinawaikira K7,000. Akuluakulu a nthambi analipo 5, ndipo anavomera okha kupereka K15,000 aliyense. Kuphatikiza K21,000, K84,000 ndi K75,000, tinafika pa K180,000 yomwe ija, popanda kumupanikiza wolandira zochepa. Tinalemba poyera kuti ziwerengerozi ndi chitsogozo chabe, kuti wofuna kuwonjezera ali ndi ufulu, ndiponso kuti wolephera kupereka sadzafunsidwa chifukwa chake.

Panali mfundo ina imene ndinaiumirira, ngakhale kuti ena poyamba anaiona ngati yosafunika. Ndinapempha kuti magulu atatuwa ndi ndalama zake zilembedwe m'buku kuti zidzagwire ntchito kwa wina aliyense wochoka, kaya ndi bwana kapena wosesa. Ndinali nditaonapo bwana akulandira mphatso yodula pamwambo waukulu, pomwe mayi wosesa amene anagwira ntchito zaka zambiri kuposa iye anangopatsidwa chitenje chimodzi m'khonde. Zoterezi anthu saziiwala, ndipo ndi zimene zimachititsa kuti chopereka chotsatira chiyende mwaulesi. Tinagwirizananso kuti ndalama za zakumwa ndi chakudya cha tsiku lotsanzikana zikhale zapadera, zosonkhedwa ndi okhawo amene adzakhalepo, kuti mphatso isadyedwe ndi phwando.

Ndalama sindinasunge ndekha. Ndinapempha mayi wina wa ku ofesi yowerengera chuma kuti azisunga buku, ine ndizilandira ndalama, ndipo Lachisanu lililonse tinkakhala pansi n'kuyerekeza zimene zili m'buku ndi zimene zili m'envulopu komanso m'foni. Mayina a opereka tinkawadziwa awiri tokha. Pa gulu la WhatsApp ndinkangolemba ndalama yonse imene yapezeka ndi masiku amene atsala. Tsiku lotsekera tinaliika patadutsa masiku asanu chilandirire malipiro, chifukwa kupempha chopereka pakati pa mwezi ndi kuchititsa anthu manyazi pachabe, ndipo chikumbutso ndinatumiza kamodzi kokha, kwa onse pamodzi, osati kumutsatira munthu pa desiki yake.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi ndalama zobwera pa foni. Anthu ambiri anatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba, zomwe zinathandiza anzathu ogwira ntchito kumadera akutali, koma pa Lachisanu loyamba tinapeza K7,000 imene sitinadziwe mwini wake. Uthenga wa m'foni mwanga unkaonetsa dzina la ejenti, osati la mnzathu aliyense, ndipo m'gulu la K7,000 munali anthu angapo amene anali asanapereke. Sindikanatha kufunsa pagulu popanda kuulula amene sanapereke, choncho ndinalemba uthenga wopempha kuti aliyense wotumiza pa foni anditumizire mwamseri uthenga wotsimikizira umene analandira. Mwini ndalamayo anapezeka tsiku lomwelo, ndipo anali atatuma mwana wake kwa ejenti wa ku msika. Kuyambira pamenepo, mayi osunga buku aja ankalemba nambala ya uthenga uliwonse pafupi ndi dzina la wopereka. Ndinali nditaiwalanso kuti kutapa ndalama kwa ejenti kumadulidwa, moti ndalama yooneka m'foni si imene imafika m'manja. Ndikulangiza kuti yotapirayo iwerengeredwe kuyambira pachiyambi, ndiponso kuti ndalama zitapidwe zitaunjikana, m'malo motapa pang'onopang'ono.

Pa tsiku lotsekera anali atapereka anthu 21. Mmodzi wa gulu loyamba anali atangochokera ku maliro a mchemwali wake, ndipo awiri a gulu lachiwiri sanapereke, mmodzi mwa iwo atangoyamba ntchito milungu iwiri yapitayo. Zimenezi zinachepetsa ndalama ndi K17,000, koma bwana mmodzi anawonjezera K10,000 mwamseri, ndipo tinakhala ndi K173,000. Mnzathu wina anaganiza kuti pa khadi pasayine okhawo amene apereka. Ndinakana, chifukwa khadi loterolo likanakhala mndandanda womwe uja umene tinaukana pachiyambi, ndipo bambo opumawo akanawerenga mayina n'kumadzifunsa kuti enawo anawalakwira chiyani. Khadi linazungulira maofesi onse ndipo onse 24 anasayina.

Mphatso sitinaisankhe mongoganizira. Ena ankafuna wotchi ya pakhoma, ena suti, koma ndinaimbira foni mayi akunyumba kwawo n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi bambo akakafika kumudzi akufuna kukachita chiyani?" Anandiuza kuti akubwerera kwawo ku Ntcheu kukalima tomato ndi kabichi kudimba, ndipo chimene chinkawadetsa nkhawa ndi zipangizo. Ndinapita nalo yankholi kwa anzanga, ndipo tinagwirizana kugula mpope wopoperera mbewu wobereka kumsana, wilibala ndi makheni awiri othirira. Tinapita awiri kukagula, titafunsa mitengo m'masitolo atatu, ndipo zonse pamodzi zinakwana K152,000. Chitenje cha mayi ndi khadi zinatenga K12,000, yotapira ndi ya kabaza wonyamula katunduyo inakwana K6,000, ndipo K3,000 yotsala tinaiika m'envulopu pamodzi ndi khadi, monga tinagwirizanirana kuti ndalama iliyonse yotsala ndi ya wolandira mphatso.

Madzulo a tsiku lomwe tinagula, ndinajambula malisiti onse n'kuwatumiza pa gulu lathu pamodzi ndi chiwerengero cha zolowa ndi zotuluka, chosainidwa ndi ine komanso mayi osunga buku, popanda dzina la wopereka aliyense. Tsamba la mayina tinalichotsa m'buku n'kuling'amba awirife tikuona, ndipo munatsala tsamba la magulu atatu aja, limene adzagwiritse ntchito amene adzayendetse chopereka cha mlonda wathu wamkulu akamadzapuma chaka chamawa.