Mizere inayi yokha, eti yalembedwa ndi makina!

Mng'ono wanga wangondiimbira ali ku Dedza Boma, mawu akunjenjemera. Aphunzitsi aika ndime yake ya mawu 70 m'pulogalamu yofufuza zolembedwa ndi AI, ndipo pulogalamuyo yati ndi ya makina. Chonsecho anailemba yekha pa foni, magetsi atazima.

Zandinyansa, abale. Mapulogalamu amenewa sadziwa amene walemba, ena amangoyeza ngati mawu akutsatana mosavuta kulosera, komanso ngati ziganizo zikufanana kutalika. Pa masamba asanu, chiganizo chimodzi chosalala chimamira mwa zinzake. Koma pa ziganizo zinayi, chimodzi chokha ndi kota ya umboni wonse! Cha mng'ono wangayo choyamba chinali kungobwereza funso la aphunzitsi, chachiwiri tanthauzo loloweza m'kalasi. Mwana aliyense akanalemba chimodzimodzi, nanga mawu akeake pamenepa ndi ati? Zili ngati kuweruza thumba lonse la mbatatesi pa Lizulu utangoona ziwiri zapamwamba.

Ngakhale OpenAI, kampani yomwe inapanga ChatGPT, pulogalamu yawo yofufuza zolembedwa ndi AI ya 2023 sinkalandira zolemba zosakwana zilembo 1,000, ndipo chaka chomwecho anaitseka poti imaphonya kwambiri. Aphunzitsi, yesani nokha: chotsani chiganizo chimodzi, muikenso ndimeyo, muone mmene nambala yomwe pulogalamuyo imapereka ingadumphire. Mwanayo mungomuitana akufotokozereni pakamwa zomwe analemba.