Ndinanama pabedi tsiku lonse

Lolemba mutu unandiwanda ngati ng'oma, moti kuntchito sindinapite. Lachiwiri m'mamawa ndinati ndiwalembere abwana kauthenga kopepesa, ndipo pofuna kuti aone kuti kusukulu sindinkangokaothera dzuwa, ndinalemba m'Chingerezi: "Yesterday I lied in bed the whole day."

Sipanathe mphindi zisanu, yankho linafika. "Zikomo bambo poulula. Koma munkanamiza ndani pabedipo tsiku lonse?"

Thukuta kamukamu. Ndinakumbuka kuti lied ndi kunama, kunama kwa dzulo. Ndinafufuta msangamsanga n'kutumiza china: "Sorry madam, I laid in bed."

"Mwaikira angati? Titumize dengu?"

Nditafika kuofesi ndinapeza nkhani yawanda kale. Mnzanga amene timakhala desiki imodzi anandilonjera ndi kutetera kwa nkhuku, kenako chisoni chinamugwira n'kutenga pepala.

"Aise, ukati wagona ndi ukati wagoneka mwana, n'chimodzi?"

Ndinati ayi.

"Basitu. Kugona ndi lie. Umagona wekha, palibe chimene wanyamula. Kugoneka kapena kuika chinthu pansi ndi lay, ndipo mawu amenewa sayenda okha, amafuna chinthu pambuyo pake. Ukalemba lay kapena dzulo lake laid, dzifunse kuti: ndagoneka chiyani? Mwana, buku, mphasa. Iwe unalemba laid popanda chinthu, ndiye abwana anakuikirapo okha. Pajatu nkhuku ikaikira, Angerezi amati it laid an egg."

Apa ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse, koma msampha weniweni unali usanafike. Dzulo la lie ya kugona ndi lay. Inde, lay yemwe uja, malembo atatu omwewo. Lero I lie in bed, dzulo I lay in bed, ndipo ukafuna kunena kuti wagonapo kuyambira kale umati I have lain. Amene anakonza zimenezi ndikhulupirira anali atakwiya ndi winawake. Choncho chiganizo chimene ndinkachisowa chinali "Yesterday I lay in bed", chomwe m'khutu mwanga chimamveka cholakwika mpaka lero, ngakhale ndi chokhacho cholondola.

Ndinachiloweza m'njira yonse yopita kuofesi ya abwana. Lie, lay, lain. Lay, laid, laid. Lie, lied, lied. Ndinagogoda.

"Lowani bambo. Tsono tiuzeni bwinobwino, dzulo munkatani?"

Apa n'kuti ndangoyankha m'Chichewa, bwenzi nditapulumuka. Koma matama anandikwera. Ndinaona kuti lay angandipunthwitsenso, ndiye ndinamulambalala n'kusankha njira imene ndinkayesa yosalala.

"I was lying, madam."

Mnzanga uja anali asanandiuze kuti lying ndi mmodzi yemweyo, kaya ukugona kaya ukunama.

Abwana anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ndinadziwa ine," anatero. "Kachiwiri tsopano mukuvomera nokha."