Sabata ya -dza- ku dipatimenti yathu

Ndimaphunzitsa sayansi ya ziyankhulo, ndipo sabata ino kalasi ya chaka chachitatu inafika pa mutu wa mmene mawu oima paokha amasandukira tizigawo ta galamala. Lolemba ndinalemba pa bolodi mawu awiri, kudza ndi ndidzapita, n'kufunsa ngati ali pachibale. Ambiri anapukusa mitu. Sindinadabwe, poti ana a masiku ano amangoti kubwera. Kudza amakumana nako m'pemphero, pamene timati "Ufumu wanu udze", ndi m'miyambi ngati uja wa mlendo amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Komatu -dza- wa mu ndidzapita anachokera kwa mneni yemweyo, mbale wake wa -ja wa Chiswahili ndi -za wa Chizulu.

Kuwaonetsa kuti tanthauzo la kuyenda linathamo sikunavute. Munthu sangadze ndi kupita nthawi imodzi, koma ndidzapita palibe amene amamva ngati mawu otsutsana. Adzabwera sitimamva ngati kubwereza. Ndidzakhala pompano mulibe phazi lomwe lasuntha, ndipo mu mtengo uwu udzauma mwininkhani wake alibe n'komwe miyendo. Kamawuka kanatayanso ufulu wake: malo ake ndi amodzi, pakati pa ndi- ndi tsinde la mneni, ndipo kachizindikiro ka wochitiridwa kamabwera pambuyo pake, monga mu ndi-dza-ku-ona. Uku ndiye kusuluka kwa tanthauzo. Mfalansa Antoine Meillet, yemwe anapereka dzina ku kusintha kwa mtundu umenewu mu 1912, naye ankakuona ngati kufooka kwa mawu m'katchulidwe ndi m'tanthauzo momwe.

Lachiwiri ndinachonga tintchito tomwe analemba kutsatira phunzirolo. Pafupifupi aliyense analemba kuti mneni wa kuyenda amasuluka n'kukhala chizindikiro cha nthawi yamtsogolo, basi n'kuika mpumiro. Chiganizo chimenechi n'choona theka. Chitenje chikasuluka, maluwa ake amazimiririka, koma sipatuluka maluwa ena omwe panalibe. Kudza sikunkanena chilichonse cha mawa. Munthu ankatha kunena kuti anadza dzulo. Ndiye mawa analowamo bwanji? M'mphepete mwa mapepala awo ndinalemba funso lomwelo mpaka inki yofiira inayamba kudukiza.

Yankho labwino linabwera Lachitatu, osati kuchokera kwa ine. Ndili ndi wophunzira wa digiri yachiwiri yemwe akufufuza -dza- ndi -ka- m'macheza omwe anajambula kwawo, pamsika ndi pachigayo, eni ake atavomera. Mtsikanayu sakhulupirira kompyuta yokha. Chiganizo chilichonse amachilemba pa kakhadi, ndipo anafika ndi makhadi atamangidwa ndi malabala, n'kuwayala patebulo langa m'milu itatu, titatsindira ndi makapu kuti fani isawaulutse.

Mulu woyamba unali wa kuyenda kwenikweni: "Dzaoneni kuno!", "Ndabwera kudzakuonani", "Anadzatenga khasu lake dzulo." Apa wina akuyandikira kumene kuli woyankhula, ndipo nthawi ikhoza kukhala iliyonse, ngakhale yakale. Mulu wachitatu unali wa mtsogolo weniweni: "Chaka chamawa feteleza adzakwera mtengo", "Ukadzakula udzamvetsa." Wapakatiwo ndi umene unamusowetsa tulo.

"Madamu, awa akundikanika," anatero, n'kundipatsa khadi limodzi. Anali mawu a bambo wa pachigayo kwa mayi wina magetsi atathima: "Siyani chimangacho, mudzatenge ufa wanu mawa." Anafunsa ngati -dza- ameneyu ndi wa kubwera kapena wa mawa, ndipo ankaganiza zochotsa makhadi onse otere mu kafukufuku wake chifukwa akusokoneza mawerengero.

Ndinamuuza kuti asayerekeze, chifukwa nkhani yonse yagona pa mulu umenewo. Mayi uja adzayendadi kubwera pachigayo, ndiye kuyenda kulipo. Koma kutenga ufako kudzachitika atafika, ndipo kufikako sikunachitike. Aliyense wobwera ndi cholinga amachita cholingacho pambuyo pa kubwerako. Womva amadzitolera yekha mfundo yakuti chinthucho n'cham'tsogolo, ngakhale woyankhula sananene. Ziganizo zotere zikamveka tsiku ndi tsiku, mibadwo ndi mibadwo, chimene womva ankangodzitolera chimakakamira pa kamawuko. Kenako wina amauza mnzake amene akugona naye nyumba imodzi kuti "Udzandikumbutse mawa", pomwe palibe woyenda, ndipo palibe amene akudabwa. Pamenepo m'pamene kuyenda kwagwa. Ndiye dongosolo lake ndi lakuti tanthauzo latsopano limayamba lalowa, lakale n'kudzagwa pambuyo pake. Elizabeth Traugott anakankha kwambiri mfundo imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kuti poyambirira tanthauzo limalimba m'malo mofooka, ndipo Bernd Heine mu 2002 anafotokoza ziganizo zonga za pachigayozi ngati mlatho pakati pa matanthauzo awiriwo.

Tinakhala masana onse tikupanga njira zoyesera khadi lililonse, ndipo ziwiri zinagwira ntchito. Yoyamba ndi kuwonjezera mawu oti tsopano lino. "Dzatengeni ufa wanu tsopano lino" ikumveka bwinobwino, ndiye -dza- wakeyo ndi wa kuyenda. "Mvula idzagwa tsopano lino" imakhumudwitsa khutu, chifukwa za lero timati mvula igwa, ndipo -dza- wa nthawi kawirikawiri amayambira mawa kupita m'tsogolo. Yachiwiri ndi kuchotsa -dza- n'kuikapo -ka- wa kupita. "Mudzatenge ufa" ikasanduka "mukatenge ufa", chasintha ndi malo: tsopano ufawo uli kutali ndi woyankhula. Koma "mtengo uwu udzauma" ikasanduka "mtengo uwu ukauma", womva amadikira kuti umalize, poti wamva -ka- wina uja wa mu ukafika undiuze. Khadi likalola njira zonse ziwiri ndi la mulu woyamba, likakana zonse ndi la wachitatu. Vuto la njirazi n'lakuti papepala sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu, choncho ayenera kubwerera ku zomwe anajambula n'kumvetsera, osadalira zolembedwa zokha.

-ka- uja anatiphunzitsanso china. "Ndikamuuza ndikafika kumudzi" ikunena zam'tsogolo, koma sungainene za munthu amene adzakupeza pomwe wakhalapo. Kupita kukadali momwemo. Paul Hopper mu 1991 anasonyeza kuti tizigawo ta galamala timasunga zotsalira za tanthauzo lakale, ndipo zotsalirazo zimalamula kumene kachigawoko kangalowe ndi kumene sikangalowe. Wongonena kuti tanthauzo lasuluka alibe poyambira kufotokoza chifukwa chimene ndikamuuza imafuna mtunda.

Lachinayi linadyedwa ndi msonkhano wa ndondomeko ya mayeso, za zipinda ndi oyang'anira. Madzulo ake m'pamene ndinakonza zitsanzo za ziyankhulo zina zoti ndikapereke m'kalasi.

Chizulu ndimachikonda pa phunziroli chifukwa msoko wake ukuonekabe. Mneni -za, kudza, anakumana ndi uku- wa mneni wotsatira, a ndi u n'kuphatikizana kukhala o, ndipo panatuluka ngizokuhamba, mwachidule ngizohamba, ndipita. Mneni -ya, kupita, anayenda njira yomweyo n'kubala ngiyohamba. Izi zikuonetsa kuti chosanduka si mneni yekha, koma mneni pamodzi ndi mneni mnzake wa cholinga. Joan Bybee ndi anzake awiri, Revere Perkins ndi William Pagliuca, atasanthula ziyankhulo 76 mu 1994, anatsindika zomwezo: mtsogolo umachokera m'ziganizo zonena za kuyenda kolunjika ku chinachake, ulendo usanathe. Umboni wake ndi pamene zinthu zatembenuka. M'Chifalansa mneni wa kupita amapereka mtsogolo, monganso m'Chingerezi, koma mneni wa kubwera akaphatikana ndi kamawu kotanthauza kuchokera amanena chimene changochitika kumene. M'Chikatalani, ku Sipeini, mneni wa kupita ndi amene anasanduka chizindikiro cha nthawi yakale. Onsewa anasuluka mofanana, kuyenda kunatha, koma anakafika kosiyana.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi. M'Chizulu -zo-, wochokera ku kudza, ndi wa mtsogolo wapafupi, ndipo -yo- ndi wa kutali. Kwathu kuno mbale wake -dza- ndiye wa kutali. Mneni mmodzi, ziyankhulo zapachibale, zotsatira zosemphana. Mmene ndikuonera ine, chimalamula ndi malo omwe kachigawo katsopano kapeza opanda mwini. Chichewa chili ndi ndipita wa lero, choncho -dza- wakhazikika kuyambira mawa. M'Chizulu awiriwo anagawana okhaokha, wobwera n'kutenga pafupi, wopita n'kutenga kutali.

Lachisanu pa tiyi ndinakambirana izi ndi mkulu wina wa m'dipatimenti mwathu, katswiri wa zolembalemba, yemwe sakonda kugonja. Iye anati ndikuvutika chabe. "Mayi, nthawi imadza yokha. Simunena kuti chaka chikudzachi? Achewa amaona mtsogolo ukubwera kwa iwo, nkhani yathera pomwepo." Ndinavomera kuti fanizo la nthawi yoyenda lilipo, ndipo limathandiza kuti kusinthaku kusamveke kwachilendo. Koma mu chaka chikudzachi chikuyenda ndi chaka, pamene mu ndidzapita mwininkhani ndine. Fanizolo silikutiuza mmene -dza- anachokera pa chaka n'kukamatirira pa munthu, pomwe khadi la pachigayo likuonetsa phazi lililonse.

Sanagonje, koma anandiponyera chitsanzo chomwe chandipatsa ntchito. Anati nanga "kenako anadzakhala mfumu", kapena "zinadzadziwika kuti ndalama zija anadya yekha"? Apa palibe woyenda, si zam'tsogolo kwa woyankhula, ndiponso palibe cholinga, chifukwa zinthu sizikonza zoti zidziwike. -dza- ameneyu akungoti pambuyo pake, zinthu zitayenda n'kufika pamenepo. Östen Dahl ananenapo zofanana za Chiswidishi, kuti mtsogolo wake wochokera ku mneni wa kubwera unadzera m'ziganizo za zinthu zongofika pochitika, osati za cholinga cha munthu. Ngati Chichewa chinadzeranso kumeneko, ndiye kuti milatho ndi iwiri, wa mudzatenge ufa ndi wa zinadzadziwika, ndipo wachiwiriwu ukufotokoza bwino chifukwa chimene mvula idzagwa ndi mtengo udzauma zimamvekera zachibadwa chonchi.

Ndisanaweruke ndinamuimbira wophunzira uja kuti afufuze m'mulu woyamba makhadi onse a anadza- ndi zinadza-, aone ngati munalidi kuyenda. Anandiyankha kuti ena anawaika m'menemo chifukwa chongoona nthawi yakale, ndiye afunika mulu wachinayi. Tagwirizana kuti mulu wapakati ukhale chaputala pachokha, ndipo Lolemba abwere ndi zojambula zija kuti timvetsere limodzi mmene bambo wa pachigayo anakwezera mawu pa mudzatenge.